Matumba a simenti akachepa poyerekeza ndi leja

"Ndimasunga mabuku pa shopu ya zipangizo zomangira. Leja ikuti tili ndi matumba a simenti 400, omwe tinagula pa K20,000 limodzi. Titawerenga pa 31 Disembala tapeza 380, ndipo 30 mwa amenewa analowa chinyezi. Ndilembe bwanji?"

Achimwene, apa pali nkhani ziwiri, ndipo musazimange mtolo umodzi: katundu amene kulibe, ndi katundu amene alipo koma watsika mtengo.

Musanalembe kalikonse, fufuzani mapepala a masiku omaliza a chaka. Nthawi zambiri katundu "wosowa" amakhala kuti anatuluka pa 30 Disembala koma invoisi yake inalembedwa mu Januwale. Tinene kuti mwapeza matumba 8 otero. Amenewo sanabedwe ayi, anagulitsidwa. Lembani malondawo m'chaka chomwe chathachi, ndipo K160,000 yake ichoke mu sitoko kupita ku mtengo wa katundu wogulitsidwa. Osowa enieni atsala 12, omwe ndi K240,000.

Za onyowawo, lamulo la IAS 2, lomwe ndi la padziko lonse lokhudza kalembedwe ka katundu wogulitsa m'mabuku, limati katundu alembedwe pa mtengo wocheperapo pakati pa umene munagulira ndi ndalama zimene zingatsale m'manja mutamugulitsa, mutachotsa zonse zimene mungawononge kuti agulitsike. Ngati woumba njerwa angatenge thumba pa K12,000, ndipo kusefa mibulu ndi kuthira m'thumba lina kukudya K1,000, thumbalo lembani pa K11,000. Latsika ndi K9,000, ndiye onse 30 ndi K270,000.

```
Dr Cost of Sales   160,000
Dr Stock Loss      240,000
Dr Write-down      270,000
   Cr Inventory    670,000
```

Leja itsala pa K7,330,000. Tsimikizani poyambira ku nyumba yosungiramo katundu: matumba abwino 350 pa K20,000 ndi K7,000,000, onyowa 30 pa K11,000 ndi K330,000. Zikapanda kukumana, pena pake mwalemba kawiri.

Kulemba kawiriku kumachitika kwambiri kwa amene sasintha leja ya sitoko tsiku ndi tsiku, koma amangowerenga katundu kumapeto kwa chaka. Kwa iwo, kulemba sitoko yotsekera ya K7,330,000 kwameza kale kusowa konse, ndipo kuwonjezera mizere ya m'mwambayi ndi kudula phindu kachiwiri.

Abwana ena amakana kutsitsa mtengo, amati phindu la matumba abwino likwirira onyowawo. Sizitheka. Kuyerekezako kumachitika pa matumba onyowa paokha ndi abwino paokha, ndipo phindu la simenti yosagulitsidwa silinabwere. Mtengo wa K12,000 nawonso usachokere m'mutu. Risiti ya thumba lonyowa limene mwagulitsa mu Januwale ndi umboni umene odita sangaukane, choncho isungeni pamodzi ndi mapepala owerengera osainidwa.

Ngati pa kutseka kwa chaka chamawa ena mwa matumbawo adakalipo ndipo mtengo wake wakwera, IAS 2 imalola kubweza zimene munatsitsa, koma osapitirira K20,000 imene munagulira.