Dzanja likudumpha, kapu ikuthawa: vuto lili pa fulemu imodzi

*Aphungu, ndikukonza kavidiyo ka animeshoni mu Blender koti ndizisonyeza pofunsira ntchito. Munthu wanga akunyamula kapu pa tebulo, kumwa, n'kuibwezera. Ndikasintha mkono kuchoka pa FK kupita pa IK dzanja limadumpha, ndipo akasiya kapu imabwerera pomwe inali poyamba. Ndikugwiritsa ntchito Rigify. Kodi ndingoibisa mbali imeneyi podula vidiyo?*

Musaibise. Munthu amene amalemba ntchito opanga animeshoni amaimitsa vidiyo pomwe dzanja likukhudza chinthu n'kumayenda fulemu imodziimodzi, chifukwa mpomwe luso limaonekera.

Mkono wa Rigify uli ndi magulu awiri a mafupa owongolera. Pa FK mumatembenuza phewa, kenako chigongono, dzanja n'kumangotsatira, ndipo n'chifukwa chake mkono umagwedezeka bwino poyenda. Pa IK mumaika dzanja pamalo, kompyuta n'kupeza yokha mmene chigongono chipindikire. Magulu awiriwa sadziwana. Mukasuntha chosinthira cha IK-FK kuchoka pa 1, pamene ndi FK, kupita pa 0, pamene ndi IK, mkono umathamangira kumene munasiya fupa la dzanja la IK lotchedwa hand_ik.R, ngakhale kukhale kumbuyo kwa mpando.

Tinene kuti mkono ukubwera pa FK ndipo pa fulemu 20 wayandikira tebulo. Imani pa 20 pomwepo. Ikani kiyi pa mafupa a FK ndi pa IK-FK ili pa 1. Kenako dinani batani la IK->FK, limene limakokera dzanja la IK pamene pali la FK, ndipo ikani kiyi pa mafupa a IK onse, osati dzanja lokha. Mukaiwala fupa lolozera chigongono, dzanja likhala bwino koma chigongono chigwedezeka. Pa fulemu 21 ikani IK-FK pa 0 ndi kiyi yake. Kusinthaku kuchitike pa fulemu imodzi basi. Ambiri amakutambasula pa mafulemu khumi poganiza kuti kusalala, koma pakatipo mkono umakhala wosakaniza maimidwe awiri ndipo umayandama ngati wopanda mafupa. Makiyi a IK-FK apatseni Constant mu Graph Editor.

Ine ndimakonda kusintha mkono ukadali mkati moyenda, mafulemu angapo usanagwire, chifukwa diso siliona kadumpha kakang'ono pa chinthu chothamanga.

Kapu ndi nkhani ina yosiyana, ili ndi kusintha kwakekwake. Ipatseni Child Of, constraint yochititsa chinthu kutsatira china. Target ikhale rigi, Bone likhale DEF-hand.R. Musasankhe hand_ik.R, chifukwa tsiku lomwe mudzabwerere ku FK kapu idzatsala m'malere ndi fupa limene silikuyendetsanso dzanja. Ngati zala zikutseka pa fulemu 30, imani pa 30 ndipo dinani Set Inverse, kuti kapu ikhale pomwe ili m'malo molumphira kwina. Influence ikhale 0 pa fulemu 29 ndi 1 pa fulemu 30, ndipo muike kiyi pa mafulemu onse awiri.

Posiya mpamene ambiri amagwa. Nthawi yonse imene kapu ili m'dzanja, manambala ake a Location sasintha. Akunenabe malo akale a pa tebulo. Mukangotsitsa Influence, imabwerera komweko. Choncho ngati dzanja likutsegula pa fulemu 72, pa 71 ikani kiyi ya Location ndi Rotation mmene zilili, komanso kiyi ya Influence ili pa 1. Pa 72 dinani kabatani ka X kamene kali pambali pa Influence, kotchedwa Disable and Keep Transform. Kamatsitsa Influence pa 0 n'kulemba malo enieni a kapu m'manambala ake, koma sikaika kiyi, ndiye muike nokha pa zonse zitatu. Mukadumpha kiyi ya pa 71, muona kapu ikutsetsereka pang'onopang'ono m'chikhatho kuyambira pomwe anainyamula. Chimenecho ndicho chizindikiro chake.

Akafuna kuinyamulanso kachiwiri, wonjezerani Child Of ina. Set Inverse imasunga malo amodzi okha, ndipo kuidinanso kumawononga kunyamula koyamba kuja.

Pa chinthu cholemera, monga bokosi lonyamula ndi manja awiri, tembenuzani dongosolo: bokosi litsogole, hand_ik.L ndi hand_ik.R zilitsatire ndi Child Of. Koma musalole kuti bokosi litsatire dzanja pomwe dzanja lomwelo likutsatira bokosi. Ngakhale Influence ya chimodzi ili pa 0, Blender imaona kuti zikudalirana mozungulira, ndipo chimodzi chimachedwa kapena kunjenjemera.

Kavidiyo kanu kasatalike. Masekondi asanu kapena asanu ndi limodzi a kunyamula ndi kusiya akwana, kamera isadulidwe pakati, ndipo lembani pansi kuti rigi ndi ya Rigify koma animeshoni ndi yanu. Musanatumize, pitani pa 20 ndi 21, 29 ndi 30, 71 ndi 72, muzidina mivi ya kumanzere ndi kumanja mutayandikitsa kamera pa chikhatho.