Tsitsi lafiira ngati njerwa: yankho kwa mng'ono wanga wa ku Ulongwe

"Achemwali, ndinagula dayi wolembedwa 8.1, pachithunzi pali mzimayi wa tsitsi loyererako ngati phulusa. Ndasakaniza ndi okisijenada ya 30 monga anandiuzira wogulitsa, koma tsitsi langa latuluka lofiira ngati njerwa yootcha. Kodi andigulitsa wabodza? Ndigule wina ndipakenso mawa?"

Eee, mwaswera bwanji nonse kumeneko, amayi ndi azakhali ndakupatsani moni. Iwe mng'ono wanga, chithunzi chako ndachiona, ndangomaliza kumene kutsuka mutu wa kasitomala ndiye ndati ndikuyankhe ndisanaiwale. Choyamba, mawa usapake chilichonse, chonde. Dayiyo si wabodza. Kufiira ukukuonako sikunachokere m'bokosi ayi, n'kwako komwe, kunali m'tsitsi lako chibadwire, kungoti kunabisala kunsi kwa kuda.

Ife a m'saluni tsitsi timaliwerenga ngati makwerero a masitepe 10. Sitepe 1 ndi lakuda bii, 2 ndi 3 ndi lakudabe koma ukaima padzuwa limaoneka kabulawuni, 4 ndi 5 ndi bulawuni weniweni, kuyambira 6 kukafika 10 ndiye la bulondi, 10 loyera kwambiri. Nambala imeneyi simanena za mtundu, imangonena kuti tsitsi n'lodera kapena n'loyera motani. Ndiye pa 8.1 paja, 8 ndi sitepe, ndipo 1 wa pambuyo pa kadontho ndi kamtundu kophulusira kaja kamene unakakonda pachithunzi. Ife akubanja kwathu, iwe, ine, amayi, tsitsi lathu lili pa 2. Ambiri amaganiza kuti lili pa 1, koma kaime pakhomo masana ndi kagalasi, udzaona wekha kuti si lakuda ngati makala.

Tsono tawerengera limodzi. Dayi wa m'bokosi amayeretsa tsitsi pang'ono kenaka n'kusiya mtundu wake, ndipo mphamvu yoyeretsayo ili mu okisijenada. Ya 20 imakweza sitepe imodzi kapena awiri, ya 30 awiri kapena atatu, ya 40 atatu, mwina anayi zikayenda bwino. Iwe unanyamuka pa 2 ndi ya 30. Ngakhale zitayenda bwino chotani, 2 kuphatikiza 3 ndi 5. Wafika pa 5, pomwe bokosi linapangidwira munthu woti afike pa 8. Mzimayi wa pachithunzi uja mwina anayambira pa 6, ulendo wake unali waufupi.

Nanga bwanji pa 5 pali pofiira? Apa ndipomwe ndikufuna umvetse bwino, chifukwa ukamvetsa apa palibe wogulitsa adzakupusitsenso. M'kati mwa tsitsi muli utoto wachilengedwe, dzina lake melanini, ndipo ulipo wa mitundu iwiri. Wina ndi wakuda ndi wabulawuni, wina ndi wofiira ndi wachikasu. M'tsitsi ngati lathuli wakuda uja ndi wochuluka zedi moti umaphimba zonse. Mankhwala akalowa, wakudayo ndi amene amayamba kuswekasweka, wofiira uja ndi wamakani, amatsalira. Komanso wakuda yemweyo akamasweka sachoka kamodzi, amayamba wasanduka wofiirira. Zili ngati chikuni chamoto, ukachotsa makala a pamwamba umapeza kufiira m'kati. Ndiye tsitsi lakuda likamayera limadutsa njira imodzi yokha, silidumpha: pa 3 ndi 4 limafiira modera, pa 5 lofiira losakanikira olenji, ndiyo njerwa yakoyo, pa 6 olenji ngati m'kati mwa dzungu, pa 7 ngati mango okupsa, pa 8 chikasu, ndipo pa 10 ngati m'kati mwa khoko la nthochi. Ine ndikamayeretsa mutu wa munthu sindidalira wotchi yokha, ndimapukuta katsitsi pang'ono n'kuona kuti tafika pa dzungu kapena pa mango.

Kaphulusa ka mu 8.1 kali ndi kabuluu kochepa, kokwanira kuziziritsa kaolenji kotsalira m'chikasu cha pa 8. Kukaika pa njerwa ya pa 5 kuli ngati kuthira kapu imodzi ya madzi pa moto wa uvuni. N'chifukwa chake sukukaona n'komwe. Ndipo usataye ndalama kugula shampu ya pepo imene atsikana amaitama ija. Pepo amazimitsa chikasu, buluu amazimitsa olenji, chobiriwira chimazimitsa kufiira. Pamutu pakopo pepo alibe ntchito.

Pachithunzi ndaonanso kuti kumizu kwawala kuposa kunsonga. Kutentha kwa khungu la pamutu kumafulumizitsa mankhwala, choncho sentimita ya kumizu imathamanga. N'chifukwa chake ife timayamba kupaka pakati ndi kunsonga, kumizu pomalizira.

Bwanji ndikukuletsa kupakanso? Dayi sayeretsa dayi mnzake. Panopa m'tsitsi lako muli kale utoto wa m'bokosi, ukathira 8.1 wina kapena 10 amene, kumizu kokha kumene kwamera kwatsopano ndiko kudzawale, kwinako kudzangouma n'kukhala momwemo. Ndinazionapo kuno ku Tete ndikuphunzira kumene ntchito. Mtsikana wina anapaka katatu sabata imodzi kunyumba kwake ukwati wa mkulu wake utayandikira. Atabwera, tsitsi titalinyowetsa linkatamuka ngati chingamu, ukalikoka osabwerera, kumangotsalira m'chipeso. Ndinamumeta ndekha akulira, mpaka lero zimandikhudza.

Njira zilipo ziwiri. Yophweka, imenenso ine ndingakusankhire, ndi kuvomera sitepe imene wafikayo. Dikira masabata awiri ukulidyetsa mafuta ndi kondishona, kenaka ugule 5.1, kapena 4.1 ngati ukufuna kufiirako kubisale kwambiri, usakanize ndi okisijenada ya 10 yokha, chifukwa apa sitikukwezanso, tikungoveka. Udzapeza bulawuni wabwino ngati khofi, ndipo pakhungu lakolo adzakukhala. Dziwa kuti pakapita milungu dayi akamasuluka kufiira kudzayambanso kusuzumira, makamaka ndi dzuwa, ndiye uzivala duku ukamapita kumunda kapena kumsika.

Ngati mtima uli pa 8 basi, pamafunika bulichi wa ufa, ndipo zimenezo usachite wekha. Zimatenga maulendo awiri kapena atatu, pakati pake masabata angapo, ndi okisijenada ya 20, osati ya 40 pakhungu, imawotcha mpaka zilonda. Bulichi asapitirire nthawi yolembedwa pa paketi, ndipo akauma pamutu wasiya kugwira ntchito. Lifike kaye pa chikasu, pamenepo ndiye tona wa phulusa, dayi wopepuka wongokonza kamtundu, angagwire. Tisanayambe ndimadula katsitsi ka kunkhongo, n'kukayesa padera, kuti tione kakufika pati komanso ngati kakupirira.

Koma undiuze zoona, rilakisa uja unaika pa Khirisimasi anatha kumetedwa kapena akadalipo kunsonga? Ndipo dayi wakuda uja amapaka azakhali sunayambe wapakapo? Ngati rilakisa akadalipo, za bulichi iwala, tsitsi lowongoledwa ndi mankhwala likakumana ndi bulichi limaduka. Ngati munalowapo dayi wakuda, lidzayera mawangamawanga, pena njerwa pena dzungu.

Unditumizire chithunzi china mawa m'mawa, ujambule panja pamthunzi, osati m'nyumba ndi babu, ndione kumizu ndi kunkhongo komwe. Kasitomala wina walowa, ndiyankhanso madzulo.