Mwendo watupa mutabereka, pano akubanika: thamangani ku chipatala

"Achemwali anga anabereka mwa opareshoni, katumba wa mwendo umodzi watupa, dokotala akuti magazi aundana. Lero akuti mpweya ukuwathera. Zikugwirizana?"

Zikugwirizana kwambiri achemwali, ndipo musadikire kuche, pezani galimoto muwatengere ku Kamuzu Central pompano.

Magazi akaundana mu mtsempha wa mkati mwa mwendo, vuto limakhala pamalo amodzi: mwendo umodzi wokha kutupa, kutentha, kuwawa ngati dzanzi lokoka koma losatha. Kugona nthawi yaitali osayenda, opareshoni komanso mimba yeniyeniyo zimachititsa magazi kuundana msanga, makamaka masabata 6 oyamba munthu atabereka.

Choopsa nchakuti kachidutswa kakhoza kuthothoka. Mitsempha ya m'mwendo imapititsa magazi ku mtima ndipo njira yake imanka nikula ndiye kachidutswako kamangodutsa bwinobwino mpaka mbali ya kumanja ya mtima, mtima nkukapopera ku mapapo, kumeneko timitsempha timanka nitichepa basi kamakakamira nkutseka njira. Munthu akupuma koma magazi sakufika kukatenga mpweyawo.

Ndiye mukaona kubanika kodzidzimutsa, chifuwa kubaya akamakoka mpweya, mtima kuthamanga, chizungulire kapena kukomoka, kutsokomola magazi, chimodzi chokha mwa izi nchokwanira. Ena mwendo sutupa nkomwe.

Chonde musawasisite mwendowo, ndikudziwa kwathu timathamangira kuthowa koma apa ayi. Asayende wapansi kupita ku siteji ya minibasi. Mukafika nenani msanga kuti anabereka mwa opareshoni ndipo anawapeza ndi magazi oundana, mutenge buku lawo la chipatala ndi mankhwala onse amene akumwa, madokotala aone ngati anayamba kale jakisoni wa heparini woletsa magazi kuundana.