Tsatani nambala imodzi mpaka ikathere pa valavu

Funso: Bwana, ndili pa atachimenti pa fakitale ina ku Makata, andipatsa P&ID ya thanki ya madzi, pepala lojambulidwa mapaipi ndi zipangizo zake, koma timabwalo tolembedwa LT-101, LIC-101 ndi LV-101 tikungondizunguza mutu. Ndiyambire pati?

Yankho: Aphwanga, musalimbane ndi pepala lonse, ikani chala pa 101 yo basi. Zonse zoyamba ndi L zokhala ndi nambala imeneyi ndi lupu imodzi, zimagwira ntchito limodzi ngakhale zijambulidwe motalikirana. Chilembo choyamba chimanena chomwe chikuyezedwa, apa L ndi levulo ya madzi, ikanakhala P ndi puresha, F ndi kayendedwe ka madzi mupaipi. Zilembo zotsatirazo ndiye ntchito ya chipangizocho. LT imayeza n'kutumiza uthenga, LIC imaonetsa komanso kulamula, LV ndi valavu yomwe ikulamulidwayo.

Kabwalo kopanda mzere pakati ndiye kuti chipangizocho chili panja pa thanki pomwepo, mukhoza kukachigwira ndi dzanja. Kokhala ndi mzere wopingasa chili pa panelo, ndipo kakakhala mkati mwa kabokosi muzikachifuna pa sikirini ya kompyuta.

Tsopano tsatani mzere wodukaduka wochoka pa LT kupita pa LIC, ameneyo ndi waya wa magetsi wonyamula uthenga wa 4-20 mA osati paipi ayi. Tinene kuti LT anaitchera kuyeza mamita 2, ndiye thanki ikakhala yopanda kanthu mupeza 4 mA, ikafika mita imodzi 12 mA, ikadzadza 20 mA. Mukapeza 0 mA musathamange kukanena kuti madzi atha, pamenepo waya waduka kapena LT yo sikulandira moto.

Valavu ndi matirayango awiri ogundana nsonga, yokhala ndi kachipewa ngati bowa pamwamba ndiyo yoyendera mpweya, mzere wa mpweyawo umakhala ndi timizere tiwiritiwiri topendekeka. Koma pomwe ndimafuna ana anga a ntchito aziyang'anitsitsa ndi tizilembo ta pansi pake, FC kapena FO. FC ndiye kuti mpweya ukatha valavu imadzitsekera yokha ndi sipuling'i, FO imatseguka. Ine zinandionekerapo usiku wina, sikirini ikuti valavu yolowetsa madzi yatsegulidwa 100% koma levulo ikungotsikabe, pampu yokoka muthankimo mpaka inayamba kulira ngati yameza timiyala, ine busy ayi ndithu thukuta kamukamu kumasula LT yabwinobwino, kumachita kuti kachubu ka mpweya kathothoka pa valavu ndipo FC inali yolembedwa pa pepala pomwepo. Nambala ya pa sikiriniyo inali lamulo lomwe LIC ikutumiza, osati pomwe valavu yaima.

Pampu siivuta, ndi bwalo lokulirapo, paipi yokoka imalowa pakati, yotulutsa imachokera m'mphepete. Mawa tengani pepalalo mupite pa thanki, mupeze kachitsulo kolembedwa LV-101, muone geji ya mpweya wake ikuwerenga zingati, kenako mudzandiuze ngati ili FC kapena FO.