Bedi silidzaza ndi makilogalamu, limadzaza ndi ndowa

Funso: Ndikufuna kumanga mabedi anayi a njerwa kuseri kwa nyumba kuti ndizigulitsa repu ndi chayinizi. Lililonse mamita 3 m'litali, mita 1.2 m'lifupi, masentimita 40 kupita m'mwamba. Wogulitsa manyowa akuti matumba khumi a makilogalamu 50 adzaza bedi limodzi, thumba K4,000. Ndikufuna kukongola K160,000 kubanki m'khonde, chiwongola dzanja 20 peresenti pamwezi. Kodi matumba 40 akwana? — Mayi wa ku Eliya 25, Lilongwe

Yankho: Mayi, sakwana. Komanso musawagule, ndipo ngongoleyo iyambe yadikira.

Vuto layambira pa makilogalamu. Nambala 50 yolembedwa pa thumbayo ndi ya chimanga kapena feteleza amene anali m'menemo poyamba, sikunena chilichonse za manyowa. Manyowa onyowa amalemera, ouma amapepuka, koma bedi lanu silisamala za kulemera. Limafuna kudzaza. Ndiye muyeso wanu ukhale ndowa ya malita 20, yomwe mumatungira madzi ija.

Chulukitsani mulitali, mulifupi ndi msinkhu, zonse m'mamita: 3 × 1.2 × 0.4 = 1.44. Muchulukitsenso ndi 1,000 kuti mupeze malita. Akwana 1,440, zomwe ndi ndowa 72 pa bedi limodzi. Thumba la chimanga likadzaza bwino limalowa ndowa zitatu ndi theka, koma wogulitsa amasiya pomangira, choncho werengerani zitatu. Bedi limodzi lidya matumba 24, osati khumi. Mabedi anayi ndi matumba 96, pa mtengo mwapatsidwawo ndi K384,000. Matumba anu 40 aja sangafike n'komwe pa theka la khoma. Mungaime pamenepo ndalama itatha, ngongole ikuyenda, mbewu zikukulira pa nazale.

Sindikunena kuti mukakongole zambiri. Bedi silidzazidwa ndi manyowa okhaokha. Manyowa amapitiriza kuwola, ndiye bedi lotero limatsika kwambiri pakapita miyezi, ndipo likauma madzi amangodutsa osalowerera. Masamba amafuna dothi lenileni loti mizu igwire. Sakanizani magawo awiri a dothi lapamwamba ndi gawo limodzi la manyowa owolerana.

Masentimita 40 nawonso achuluka. Ngati pansipo ndi dothi, osati simenti, limani kaye ndi khasu mozama musanamange, kuti mizu ikafika pamenepo ipitirire. Mukatero masentimita 25 akwana pa repu, chayinizi ndi mpiru. Imeneyo ndi mizere itatu ya njerwa, ndipo mwapulumutsanso njerwa. Tiwerengenso: 3 × 1.2 × 0.25 = 0.9, malita 900, ndowa 45. Dothi longothiridwa limatsika mukathirira kawiri katatu, ndiye onjezerani ndowa imodzi pa khumi zilizonse, tingoti 50. Mwa zimenezi 17 ndi manyowa, omwe ndi matumba asanu ndi limodzi. Zotsala 33 ndi dothi, pafupifupi mawilibala 11 osasefukira. Mabedi onse anayi akufuna matumba 24, ndalama yake K96,000.

Dothilo yambani mwaliyang'ana pakhomo panu pomwepo. Palani lapamwamba m'tinjira ta pakati pa mabedi ndi pamalo pomwe simudzalapo kanthu, ndipo ngati nyumba ndi yalendi pemphani kaye eni ake. Likapanda kukwana n'kumagula, pitani nokha komwe likukumbidwa. Amagalimoto ambiri amabweretsa katondo wofiira wa m'maenje a maziko, amene ndi wabwino poumba njerwa, osati podzala masamba. Tapani pang'ono, nyowetsani, finyani m'manja. Labwino limagwirana koma limafumfuka mukaligunda ndi chala. Likamamatirira ndi kunyezimira, ngati makande a kudambo, lidzalimba mu Okutobala mpaka kung'aluka. Likamangoyoyoka osagwirana ndi mchenga, ndipo bilu ya madzi idzakuuzani.

Manyowa nawonso musawagule thumba lili lomanga. Mumasulitseni, lowetsani dzanja mpaka pakati. Akatentha, kapena akamanunkha mkodzo wolasa m'mphuno, sanapse, ndipo adzawotcha mbande zanu. Izi zimachitika kwambiri ndi zitosi za nkhuku zongochotsedwa m'khola. Mukaona utuchi ukuonekabe woyera, dziwani kuti utuchiwo pomawola udzalanda chakudya cha mbewu, masamba n'kuchita chikasu m'bedi lomwe mwalipirira ndalama. Akupsa amakhala akuda, ozizira, onunkhira dothi. Kenako khuthulirani thumba limodzi m'ndowa yanu, wogulitsa akuona. Zikatuluka ndowa ziwiri ndi theka, mtengo wa ndowa wakwera kuchoka pa K1,300 kufika pa K1,600, ndipo pamenepo ndi pomwe muyambire kukambirana. Muzigula pa ndowa, thumba ndi chonyamulira chabe.

Tsopano nkhani yomwe yandikhudza kwambiri m'kalata yanu. Kuchokera pofesa kufika potchola koyamba, repu amatenga pafupifupi miyezi iwiri. Pa K160,000, chiwongola dzanja cha 20 peresenti ndi K32,000 mwezi uliwonse. Ndiye kuti musanamange mpukutu ngakhale umodzi wa masamba, K64,000 yapita kale. Ndalama imeneyo yokha ikadagula matumba 16. Makalata otere ndimalandira ambiri, ndipo nkhani imathera pamodzimodzi. Mayi amabweza ngongole ya dimba ndi ndalama ya ndiwo, kenako amakakongola kwina kuti atseke bowo loyamba, anzake a m'gulu n'kuyamba kumuyang'ana ndi diso lina. Banki m'khonde ndi yabwino pa katundu wozungulira msanga, woti mwapikula lero mwagulitsa sabata yomweyo. Dothi silizungulira choncho. Ndi chinthu chomwe chidzakubwezerani pang'onopang'ono kwa zaka, ndipo sichiyenera kugulidwa ndi ndalama yobala mwezi ndi mwezi.

Mangani mabedi awiri okha kaye. Matumba 12, K48,000. Ngati muli ndi masheya m'gulumo, dikirani nthawi yogawana, kapena gulani matumba atatuatatu kumapeto kwa mwezi n'kumawaunjika pamthunzi atafundidwa, apitirize kupsa. Pakona pampanda yambitsani mulu wanu wa kompositi lero lomwe, ndi masamba ogwa, makoko a ndiwo, udzu ndi zitosi ngati muli ndi nkhuku. Mudzaufuna ndithu, chifukwa mukamadzalanso bedi lililonse limafuna manyowa ena okhuthala masentimita atatu pamwamba, zomwe ndi ndowa zisanu kapena zisanu ndi imodzi. Ambiri ndalama imeneyi amaiwala kuiwerengera.

Ndipo chonde, mayi anga, gulani kope. M'kalata yanu mulibe mtengo wa njerwa, wa mbewu, wa madzi, ngakhale wa mpukutu umodzi wa repu pamsika wakwanuko. Tsamba limodzi likhale la bedi limodzi. Lembani ndowa zomwe zalowa, ndalama zomwe zatuluka, ndi mpukutu uliwonse womwe watuluka m'bedimo, kuphatikizapo womwe mwadya pakhomo ndi womwe alamu anu atenga ponena kuti ndi masamba chabe a kuseri. Pakatha miyezi itatu phatikizani. Ngati mabedi awiriwo abweza K48,000 ija pamodzi ndi ya njerwa ndi ya madzi, bedi lachitatu mulimange ndi ndalama ya repu.