Sakukukanani, achemwali, sakukuonani n'komwe

"Ndili pa LinkedIn chaka chachiwiri tsopano. Ndili ndi ACCA, ndagwira ntchito yowerengera ndalama zaka 7 kuno ku Lilongwe, koma palibe wolemba anthu ntchito ngakhale mmodzi amene anandilemberapo uthenga. Mnzanga amene tinamaliza naye limodzi sukulu amamusaka pafupifupi mwezi uliwonse. Kodi anthuwa amafufuza bwanji, ndipo ndikonze mbali iti ya tsamba langa? Pa About ndinalembapo ndime 5."

Ndime 5 zimenezo ndi zimene zandikhazika pansi usiku uno, achemwali, chifukwa ine ndinalemba 6.

Polojekiti imene ndinkagwirako itatha, ndinakhala pakhomo kupitirira chaka. M'mawa ndinkaperekeza ana kusukulu, pobwera n'kugula bandulo, n'kukhala pakhonde kumasalaza About yanga ngati mtsikana akuzira nyumba. Lero ndachotsa liwu ili, mawa ndalibwezera. Mayi a kunyumba ankati akandiona ndawerama pa foni ankafunsa kuti, "Ayankha?" Ine n'kumati ayankha posachedwa. Sindinkadziwa kuti panalibe woti ayankhe, chifukwa panalibe amene ankafika patsambalo.

Amene ananditsegula maso ndi mnzanga wa ku sekondale amene ankagwira ntchito pa kampani ina yosakira mabungwe antchito. Ndinapita kukamudandaulira, kunena zoona ndinkafuna andilowetse penapake pakhomo la kuseri. Iye anangokoka mpando n'kunena kuti, "Khala apa. Ntchito yako yeniyeni inali chiyani?" Ndinati kugula katundu: kutolera makotesheni, kukonza mapepala a ma tenda, kukangana ndi ogulitsa. Anatsegula LinkedIn Recruiter, imene si LinkedIn yomwe inu ndi ine timaiona pa foni koma chida cholipira cha osaka antchito. Kumanzere kuli timabokosi totsatizana: Job titles, Locations, Skills, Companies, Schools, Industries, Keywords. Pa Job titles analemba Procurement Officer, pa Locations analemba Lilongwe. Mayina anatuluka, ena ndinkawadziwa, mmodzi ndinamuphunzitsa ntchito ndine. Tinatsika mpaka kumapeto. "Iwe kulibeko," anatero akuseka.

Chifukwa chake chinali chopusa mpaka ndinachita manyazi. Pa kontilakiti yanga panalembedwa Programme Support Associate II, ndipo ndinakopera momwemo. Dzina limenelo linali ndi tanthauzo mu ofesi imodzi yokha padziko lonse. Pansi pa dzina langa, pa Headline, ndinalembapo Seeking new opportunities. Ndani angalembe mawu amenewo m'bokosi pofuna munthu wogula katundu?

Pambuyo pake ndinadzagwira ntchito yosaka anthuyi ndekha, ndipo chimene ndinaphunzira n'chakuti zinthu zimachitika pawiri. Poyamba pali kusefa, kenako pali kusanja. Malangizo ambiri amene mumawerenga amakamba za kusanja, mmene mungakwerere pamwamba pa mndandanda, pomwe anthu ambiri amathera pa sefa, osalowa n'komwe mu mndandandawo.

Titenge ntchito ngati yanu. Bungwe lina ku Lilongwe likufuna wowerengera ndalama wodziwa pulogalamu ya Sage komanso malipoti a opereka thandizo. Ine ndiyamba ndi Job titles, ndilemba Accountant. Bokosi limeneli limayang'ana maudindo amene munalemba pa Experience, ndipo limandilola kusankha ngati ndikufuna udindo wa panopa wokha, wakale, kapena zonse. Ndikapanikizika ndimasankha wa panopa. Kenako Locations, ndilemba Lilongwe. Tinene kuti atuluka anthu 400. Sindingawerenge onsewo, ndiye ndiwonjezera pa Keywords zinthu ngati izi:

```
("ACCA" OR "ICAM") AND Sage AND ("donor reporting" OR "grants") NOT intern
```

AND, OR ndi NOT zimalembedwa ndi zilembo zazikulu, ndipo mawu amene ali m'kati mwa mitengero amafunidwa ndendende mmene alembedwera. Tinene kuti atsala 60. Ndiika zaka zogwira ntchito kuyambira 5, zimene makina amawerengera kuchokera pa madeti a pa Experience, atsala 30. Kenako ndidina Open to work kuti ndiyambe ndi amene ananena okha kuti akufuna ntchito, atsala 12. Amenewa ndi amene ndiwalembere lero. Onani kuti mpaka pano sindinawerenge About ya munthu aliyense.

Tsono dzifunseni kuti mwagwera pati. Ngati udindo wanu munalemba Finance & Admin Focal Person chifukwa ndi mmene amakutchulirani ku ofesi, mwagwa pa bokosi loyamba. Wosaka wakhama amawonjezera mayina ena ofanana, monga Accounts Officer ndi Finance Officer, koma sangalote dzina lililonse limene mabungwe amapeka. Ngati pa malo munasiya Blantyre kuyambira muli pasukulu, mwagwa pa bokosi lachiwiri. Ngati ACCA ili pa satifiketi imene munaijambula n'kuiika ngati chithunzi, koma zilembo zinayizo simunazilembe paliponse, mwagwa pa lachitatu. Ngati ntchito ina yakale simunailembe chifukwa inali yaing'ono, zaka zanu 7 zikuoneka ngati 4.

Apa ndiime kaye ndinene za Headline, chifukwa imandipweteka mtima. Pali malo a zilembo 220, ndipo ndi mzere umene umaoneka pansi pa dzina lanu pa mndandanda, munthu asanatsegule tsamba. Abale anga timadzazapo God fearing, Hardworking, Passionate, Team player. Kuopa Mulungu n'kwabwino, inenso ndimapemphera, koma sindinaonepo bwana akundituma kuti ndikasake munthu ndi mawu amenewo. Ena amaikapo vesi. Ena amalemba CEO wa kampani imene ili ndi munthu mmodzi, iwo eni, kenako n'kumadabwa kuti sakuitanidwa pa ntchito ya Accountant. Inetu ndikaona CEO ndimadutsa, ndimaganiza kuti malipiro athu simungawalandire. Ndipo musandiuze kuti mukudzigulitsa. Wogulitsa tomato pamsika sakuwa kuti ndine wolimbikira, amakuwa kuti tomato.

Za About ndiye maganizo anga aumiratu m'zaka zimenezi. Bokosi la Keywords limayang'ana tsamba lonse, choncho liwu ngati Sage likakhala mu About limathandiza kuti mupezeke. Koma kukoma kwa chiganizo kulibe ntchito pa sefa. About imawerengedwa ndi munthu amene wakupezani kale ndipo akufuna kutsimikiza. Malo ake ndi zilembo 2,600, ndipo ambiri timathera mphamvu zonse pamenepo chifukwa ndi pokhapo pamene pamaoneka ngati kulemba kalata yofunsira ntchito, chimene tinaphunzira kusukulu. Timabokosi tina tija timationa ngati fomu ya kuchipatala, timangodzaza mothamanga.

Nanga amene apulumuka pa sefa amasanjidwa bwanji? LinkedIn sinatulutse poyera kuti bokosi lakuti lili ndi mamalikisi akuti, ndiye mukaona wina akukugulitsani ndondomeko ya mapelesenti, sungani ndalama zanu. Chimene akatswiri a kampaniyo anafotokozapo n'chakuti makinawo sayang'ana kufanana kwa mawu kokha, amayesanso kulosera ngati wosakayo angakulembereni inu n'kuyankha. Zimenezi zili ndi chifukwa chake. Uthenga wopita kwa munthu amene simunalumikizane naye, wotchedwa InMail, ndi wowerengeka pamwezi, ndipo wotumizayo amabwezeredwa mwayi wotumiza wina ngati wolandira ayankha pasanathe masiku 90, ngakhale yankho likhale lokana. Choncho munthu amene amatsegula tsamba lake n'kumayankha ndi wamtengo wapatali kwa ife kuposa katswiri amene anaiwala pasiwedi. Mukalandira uthenga wa ntchito imene simukuifuna, yankhani kuti zikomo, panopa ayi.

Pali nkhani ina ya mkombero wobiriwira uja wa pa chithunzi. Ambiri amauopa, amati ukulengeza ulova kwa apongozi ndi anzako onse. Ine ndinkauopanso. Koma Open to work ili ndi zosankha ziwiri: All LinkedIn members, imene imaika mkomberowo, ndi Recruiters only, imene imaoneka kwa okhawo ogwiritsa Recruiter. Ngati muli pantchito sankhani yachiwiriyo, podziwa kuti LinkedIn imayesetsa kubisira a pakampani panu koma imanena yokha kuti singalonjeze. M'menemo mumalembamo maudindo amene mukufuna mpaka 5 ndi malo amene mungakagwireko. Ngati mungalole kusamukira ku Blantyre kapena ku Lusaka, lembani m'menemo, osati kunama pa malo amene mukukhala.

Tsono mukonze chiyani

Yambani ndi udindo wa panopa. Lembani dzina limene anthu onse amalidziwa, ndipo LinkedIn ikakuonetsani mndandanda pamene mukulemba, sankhani pamenepo. Dzina la mu ofesi mwanu liikeni m'munsi pofotokoza ntchito. Musadzikweze, ngati ndinu Assistant Accountant lembani momwemo, zidzaululika pa intavyu. Ngati simuli pantchito koma mumasungira mashopu awiri atatu mabuku, imeneyo ndi ntchito, ilembeni ngati ya panopa kuti sefa ya udindo wa panopa isakutayeni. Kenako malo, Lilongwe osati Malawi yokha. Kenako Skills, mayina enieni a zida ndi ntchito: Sage, QuickBooks, IFRS, Payroll, zokhazo zimene mumazidziwadi. Headline ikhale ngati iyi:

```
Accountant | ACCA | Sage, donor reporting, payroll | Lilongwe
```

About muisiye mmene ilili, mungoonetsetsa kuti mawu omwewa alimo.

Kuti mudziwe ngati zagwira, pitani patsamba lanu pa Analytics, muone Search appearances. Pamenepo pamaoneka kuti mwatuluka kangati pa kufufuza kwa anthu sabata imeneyo, komanso maudindo amene anakupezerani. Lembani nambala ya lero papepala, mudzaonenso pakatha masabata awiri kapena atatu. Nambala ikakwera koma maudindo ake n'kukhala Administrative Assistant, ndiye kuti udindo wanu ukusocheretsabe makinawo.

Ndipo musanagone tsegulani tsamba la mnzanu uja. Musawerenge About yake. Onani mzere wa pansi pa dzina lake, udindo wake wa panopa ndi malo, muyerekeze ndi zanu, kenako mundilembere zimene mwapeza.