Za kontena imene inadzaza makatoni akadali pakhonde

"Ndapeza ogula ufa wa malambe kunja, ndipo akufunsa kuti mu kontena ya mafiti 20 mulowa makatoni angati, nanga alemera bwanji. Kodi ndiwerengetse motani?"

Mayi, kalata yanu yandikumbutsa tsiku limene makatoni anga 214 anatsala pakhonde kuno ku Mangochi, galimoto itanyamuka kale. Ndinali nditalongedza makatoni 900, chifukwa ndinamva kuti kontena yotereyi ili ndi malo okwana makiyubiki mita 33, ndipo nditagawa ndi 0.036, omwe ndi malo a katoni imodzi ya masentimita 40 m'litali, 30 m'lifupi ndi 30 msinkhu, ndinapeza 916. Masamuwo anali olondola, koma katoni siipindika kuti idzaze mpata wotsala kukhoma monga amachitira madzi mu ndowa.

Kuyambira pamenepo ndimawerenga mizere. Mkati mwa kontena muli pafupifupi masentimita 590 m'litali, 235 m'lifupi ndi 239 kupita mmwamba, choncho makatoni angawo, powasanja moyang'ana mbali imodzi, analowa 14 m'litali, 7 mopingasa ndi 7 mosanjikiza, onse pamodzi 686. Ndikunena motsindika kuti amene akukuuzani chiwerengero cha makatoni asanagwire tepi yoyezera akukuikani m'mavuto, ngakhale atakhala katswiri wotani. Muyezenso katoni itadzaza kale, pakuti ufa umaitukumula m'mbali, ndipo sentimita imodzi yowonjezera ikhoza kukulandani mzere wathunthu.

Cholakwa changa chachiwiri chinali pa kulemera. Ndinalemba makilogalamu 12 pa katoni, poti munali mapaketi 24 a magalamu 500, osaganizira kuti paketi yopanda kanthu inkalemera magalamu 15 ndipo katoniyo magalamu 800. Kulemera kwenikweni kunali makilogalamu 13.16, kutanthauza kuti makatoni 686 anakwana makilogalamu 9,028, pamene ine ndinali nditalemba 8,232. Kusiyana kumeneku sikobisika, chifukwa kuyambira pa 1 Julaye 2016 lamulo la zombo zapanyanja limafuna kuti wotumiza atsimikizire kulemera kwa kontena yodzaza isanakwezedwe, kaya mukudzera ku Beira kapena ku Nacala. Pa chiwerengerocho muwonjezere kulemera kwa kontena yopanda kanthu, kumene kumalembedwa pachitseko pa mawu akuti TARE, ndipo kawirikawiri kumakhala makilogalamu cha m'ma 2,200.

Ufa wa malambe ndi wopepuka, kotero malo ndiwo amayamba kutha, pomwe kontenayo imatha kunyamula matani oposa 20. Chimene chimandidetsa nkhawa ndi katoni yapansi, imene imasenza zinzake zisanu ndi chimodzi, pafupifupi makilogalamu 79, ulendo wonse, ndipo ikakhala yopyapyala imaphwanyika.

Inuyo longedzani makatoni atatu monga mmene adzapitire, muwaike pasikelo, muwayeze ndi tepi, muwerenge mizere, kenako muchulukitse kulemera kwa katoni ndi chiwerengero chimenecho musanawayankhe ogulawo.